Kalata yopita kwa akauntanti malisiti atanyowa

Malisiti akasowa, kalata yoyamba imene imabwera m'mutu mwa munthu ndi yodandaula. Umafuna akauntanti amve mmene zinakhalira, akumvere chisoni, adziwenso kuti sunabe. Koma akauntanti alibe malo m'mabuku olembapo chisoni. Amafuna kudziwa kuti mapepala osowawo ndi a kuyambira liti mpaka liti, ndalama zimene zinatuluka pa nthawiyo ndi zingati, ndipo pa ndalamazo ndi ziti zimene zili ndi umboni, ndi ziti zimene mwini wake akungoyerekeza. Kalata yoyankha zimenezi imakhala yaifupi, koma ntchito imene imatsogola munthu asanailembe ndi yaitali, ndipo ndi ntchito imeneyo imene ndikufuna kufotokoza.

Ine ndi achimwene anga tili ndi shopu ya ukalipentala ku Blantyre. Iwo ndiye akalipentala, ine ndimasunga mabuku ndi kuthamangathamanga za kubanki. Chaka chathu cha mabuku chimatha pa 31 Malichi, ndipo chikatha timapereka mapepala onse kwa mayi wina amene amatiwerengera ndi kutikonzera za msonkho. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera, madzi analowa m'shopu usiku nafika m'mawondo. Mumzinda momwemo, ku Chilobwe, anthu anataya miyoyo ndi nyumba, choncho sindingayerekeze kutchula zathuzi kuti tsoka. Ife tinataya katoni imodzi. Munali malisiti onse a zogula kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 12 Malichi, pamodzi ndi buku lolipirira anyamata. Malisiti a miyezi ya m'mbuyo anali atapita kale kunyumba, m'mafayilo, ndiye anapulumuka.

Mapepala onyowa safa mofanana. Malisiti olembedwa ndi bolopeni anamatirirana, koma ena tinawamatula pang'onopang'ono ndi mpeni nkuwerengako dzina la sitolo kapena tsiku. Ovuta anali aja ochokera m'makina a EFD, amene bungwe lotolera misonkho la MRA linalamula kuti masitolo otolera msonkho wa VAT azigwiritsa ntchito. Pepala lake ndi loterera, silikhala ndi inki, zilembo zimatuluka chifukwa cha kutentha kwa makinawo. Mnyamata wina wa pashopu, pofuna kuthandiza, anatenga limodzi nalisita ndi simbi kuti liume. Tikuona, pepala lonse linada bii kuyambira pamwamba mpaka pansi. Otsalawo tinawayanika pamthunzi, koma ambiri anali atayera kale, kungotsala mizere yosaoneka bwino. Sitinataye ngakhale limodzi. Tinajambula katoniyo pafoni ili m'matope momwemo, tinajambulanso mzere umene madzi anasiya pakhoma, ndipo zonyowazo tinaziika m'jumbo. Pepala losawerengeka silingatsimikize mtengo wa chinthu, komabe limaonetsa kuti malisiti analipo ndipo chinawawononga ndi madzi.

Nditawauza mayi aja pafoni, sanafunse za malisiti ayi. Anati, "Achimwene, musayambe ndi kukumbukira zimene munagula. Yambani mwapeza kuti ndalama zinatuluka zingati." Poyamba ndinkaona ngati ndi chinthu chimodzi, koma ayi. Munthu akayamba ndi kukumbukira zogula, mndandanda wake ulibe polekezera. Lero akumbukira guluu, mawa akumbukira lole imene inanyamula matabwa, mkuja akumbukira loleyo kachiwiri ngati kuti ndi ina. Palibe chomuuza kuti wafika, kapena kuti wapitirira. Koma ndalama zimene zinatuluka zili ndi malire, ndipo malirewo angapezeke m'mapepala amene sanali m'katoni.

Ndalama zathu zimatuluka m'njira zitatu: kubanki, pafoni, ndi pamanja. Ziwiri zoyambazo zimadzilembera zokha. Sitetimenti ya kubanki inaonetsa kuti pa nthawiyo tinalipira masitolo awiri a zipangizo K1,870,000 kudzera kubanki komweko. Pa nambala ya Airtel Money ya shopu panatuluka K415,000, ndipo zimenezi tinazipeza pa sitetimenti imene tinapempha, chifukwa mauthenga a pafoni ena anali atafufutidwa. Apa pali msampha umodzi woyenera kuutchula. Mu Febuluwale tinachotsa K200,000 kubanki kuziika pafoni. Pa sitetimenti ya kubanki zimaoneka ngati ndalama zotuluka, ndipo pafoni zimadzatulukanso pogula mayunitsi a magetsi ndi kulipira a malole. Wowonkhetsa mwaphuma aziwerenga kawiri. Ndalama yochoka m'thumba lina la shopu kupita m'thumba linzake sinagule kanthu, ndiye iyenera kuchotsedwa kaye musanawonkhetse.

Za pamanja ndiye zinafuna masamu. Pa 31 Disembala, potseka mwezi, m'bokosi la ndalama munali K95,000, ndipo zimenezo zinalembedwa m'buku lalikulu limene limakhala kunyumba. Makasitomala olipira pamanja anabweretsa K1,260,000; izi tinazidziwa chifukwa buku la malisiti amene ife timapereka, lija la kaboni, linali m'chikwama changa usiku wa madziwo. Kubanki tinatapako K1,500,000. Zonsezi pamodzi ndi K2,855,000, ndalama zimene zinalowa m'bokosi. Pa zimenezo K400,000 tinakaika kubanki, ndipo mmawa wa pa 13 Malichi titatsegula bokosi tinapezamo K60,000. Kuchotsera ziwirizi kumatsala K2,395,000. Ndiye kuti ndalama zimenezi zinatuluka pamanja pa masabata amenewo, kaya tikukumbukira kumene zinapita kaya ayi. Kuphatikiza ndi za kubanki ndi za pafoni, zonse zofunika kuzifotokoza zinakwana K4,680,000.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo ndinawalemba m'kalatamo. Imadalira kuti mbali ya zolowa ikhale yathunthu. Buku la kaboni lija likadanyowa nalonso, kapena tikadakhala ndi chizolowezi chogulitsa zinthu osalemba lisiti, sitikadadziwa kukula kwa dzenjelo, ndipo chilichonse chotsatira chikadakhala chongopeka. Imadaliranso kuti ndalama za m'bokosi zinawerengedwadi pa masiku awiri aja. Munthu amene sawerenga bokosi lake pakutha pa mwezi alibe poyambira.

Nditadziwa kukula kwa dzenjelo ndinayamba kukwirira, ndipo ndinayambira kosavuta. Lisiti lililonse lili ndi mnzake kwa wogulitsa. Masitolo awiri aja ali ku Limbe, ndipo onse anatipatsa makope a mainvoisi pamodzi ndi sitetimenti ya akaunti yathu. Makopewo anagwirizana ndi za kubanki mpaka tambala. Pa sitolo imodzi tinkagulanso tinthu ting'onoting'ono pamanja: misomali, sandipepa, vanishi, mahinjesi. Kalaliki wa pamenepo, bambo wachikulire wovala magalasi omanga ndi ulusi, anatulutsa mabuku akale pansi pa kauntala nayamba kutsegula tsamba ndi tsamba, chala chikutsetsereka pa mayina. Akapeza dzina la shopu yathu ankapinda ngodya ya tsambalo. Ine ndinali ndi timapepala tija tomatula ndi mpeni, ndipo pamene tsiku linkaoneka ndinkamuuza, iye nkulumphira pomwepo. Tinapeza zokwana K310,000. Anazijambula pa makina, nadinda chidindo cha sitolo pa lililonse, nalemba ndi dzanja kuti ndi kope, naikapo tsiku limene tinali pamenepo. Ndinamuthokoza kwambiri chifukwa cha tsikulo. Kope liyenera kunena lokha kuti ndi kope ndiponso kuti linapangidwa liti, kuti wina asadzaganize kuti tikufuna kulionetsa ngati lisiti loyambirira.

Motero K2,180,000 zinapeza mapepala ochokera kwa ogulitsa eni ake. Limeneli ndinalitcha gulu loyamba, ndipo silinafune mawu ambiri m'kalata.

Gulu lachiwiri linali la ndalama zimene lisiti lake silingapezekenso, koma pali umboni wina wochokera kunja kwa mutu wanga. Za pafoni zija, K415,000, zinalowa muno, popeza sitetimenti imaonetsa tsiku, nambala yolandira ndi kuchuluka kwa ndalama, koma sinena kuti zinali za chiyani. Zimenezo ndinalemba ndine pambali pa mzere uliwonse: awa ndi mayunitsi a mita ya pashopu, awa ndi a lole yopita ndi madesiki kusukulu. Lendi ya miyezi itatu, K270,000, eni nyumba anailembera kalata yovomereza kuti analandira. Malipiro a anyamata ndiwo anatenga nthawi. Buku limene ankasainamo linasungunuka, koma achimwene amayenda ndi kabuku m'thumba la ovolosi momwe amalemba amene wabwera ndi zimene wagwira tsiku lililonse. Kuchokera m'kabukuko tinawerengera malipiro a Loweruka lililonse, ndipo mnyamata aliyense tinamuwerengera zake mokweza asanasaine. Mmodzi anatiimitsa. Anati sabata ina ya mu Febuluwale anali kumaliro kumudzi, anangolandira za masiku awiri. Titayang'anitsitsa m'kabukuko tinapeza kuti akunena zoona, pa masiku enawo panali kamzere kosonyeza kuti sanabwere. Tinakonza, ndipo malipiro onse anakwana K780,000. Kukonzako ndinakutchula m'kalata, chifukwa kumaonetsa kuti anyamatawo sanangosaina pepala limene bwana wawaikira patsogolo.

Tsopano matabwa. Apa ndi pamene ndinakhalitsa, ndipo ndi pamene ndikuganiza kuti anthu ambiri amaterereka. Matabwa a paini timagula kwa ogulitsa a pamsika, pamanja, ndipo lisiti lawo limakhala kapepala kong'ambidwa m'kope. Iwo sasunga lina. Nditapita kwa bambo amene timagulako kawirikawiri nkuwafotokozera, anandimvera chisoni, natulutsa kabuku ka malisiti kogula m'sitolo, nati, "Bwana, musavutike. Mungondiuza tsiku ndi ndalama, ndilemba." Sanali kufuna kuba. Kwa iwo kumeneko kunali kuthandiza kasitomala wawo wakale. Koma lisiti lolembedwa mu Meyi nkuikidwa tsiku la mu Januwale ndi pepala labodza, ngakhale matabwawo anagulidwadi. Ndipo bodza lake limaoneka. Malisiti a miyezi itatu amakhala ndi manambala otsatizana, bolopeni imodzi, dzanja limodzi losatopa, mapepala oyera opanda ndi fumbi lomwe, pamene akuti anakhala m'shopu ya ukalipentala. Wowerengera wozolowera akangoona amodzi otere amayamba kukayikira ndi makope enieni aja a ku Limbe. Ndinawapempha chinthu china: kalata yokhala ndi tsiku lenileni limene tinali kulankhulana, yonena zimene akukumbukira. Analemba kuti anatigulitsa matabwa a paini pakati pa Januwale ndi Malichi, maulendo angapo, ndi kuti mtengo unali pakati pa K3,000 ndi K3,500 thabwa limodzi. Chiwerengero cha matabwa anati sakuchikumbukira, ndipo tinalemba momwemo.

Chiwerengerocho tinachipeza poyambira ku zimene zinatuluka m'shopu. Miyezi imeneyo tinali pa oda imodzi yaikulu, madesiki 60 a sukulu ina, ndipo pepala limene asukulu anasaina polandira madesikiwo lilipo. Ntchito zina zinali zokonza, zitseko zimene eni ake anabwera ndi matabwa awo, ndi kugulitsa mipando imene inali itapangidwa kale. Desiki limodzi la mtundu umenewo limadya matabwa anayi. Izi achimwene anazitsimikiza poyeza desiki lachitsanzo limene linatsala pashopu. Ndiye madesiki 60 anadya matabwa 240. Koma si thabwa lililonse limene limagwira ntchito lonse. Ena amabwera opindika, ena ang'aluka, ena ali ndi mfundo pakati penipeni. Achimwene amati pa matabwa khumi aliwonse amene alowa m'madesiki, limodzi limawonongeka, ndiye tinawonjezera 24, kukhala 264. Pa 31 Disembala tinali ndi matabwa 34 pashelefu, monga mwa buku lalikulu, ndipo madzi ataphwa tinawerenga 20. Ngati tinagwiritsa ntchito 264, nkutsala ndi 20, pamene tinayamba ndi 34, ndiye kuti ogula anali 250.

Mtengo sitinautenge pa msika wa tsiku limene ndinkalemba kalata. Nthawi imeneyo mitengo inkakwera mwezi ndi mwezi, kwacha itagwetsedwa mu Meyi 2022, ndipo mtengo wa tsikulo ukadakuza chiwerengerocho popanda chifukwa. Tinali ndi zizindikiro zitatu. Lisiti la mu Disembala, limene linapulumuka, linali la K3,000 thabwa. La mu Epulo linali la K3,500. Ndipo pafoni ya achimwene panali uthenga wa WhatsApp wa mu Febuluwale, wogulitsa akunena kuti tsopano ndi K3,200. Tinatenga umenewu chifukwa unali wa mkati mwa nthawi yomweyo. Matabwa 250 pa K3,200 ndi K800,000. Limeneli ndi gulu lachitatu, loyerekeza, ndipo ndinalilemba dzina limenelo mosabisa.

Nditawonkhetsa magulu atatuwo ndinapeza K4,445,000, pamene zotuluka zinali K4,680,000. Panatsala K235,000. Pa zimenezi K150,000 zinapezeka msanga: inali fizi ya mwana wa achimwene ya mu Januwale, imene inachokera m'bokosi la shopu, ndipo kapepala koikira ndalamazo kubanki ya sukulu kanali kunyumba kwawo. Imeneyo si ndalama ya bizinesi, ndi ndalama imene mwini wake watapa, ndipo iyenera kulembedwa choncho. Zotsala zinali K85,000, ndipo zimenezi sizinapezeke.

Ndikudziwa kumene zambiri mwa izo zinapita, monga mmene aliyense woyendetsa shopu amadziwira. Minibasi yopita ku Limbe, aganyu otsitsa matabwa, nsima ya anyamata tsiku logwira ntchito mpaka usiku, kunoletsa macheka. Koma kudziwa kotero si umboni, ndipo sindikanatha kunena kuti zakuti zinali zingati. Chimene chinandiopsa ndi kuphweka kwa njira yozibisira. K85,000 kugawa pa matabwa 250 ndi K340. Ndikadangolemba kuti thabwa linali K3,540, masamu onse akadatseka ndendende, osatsala kanthu. Palibe lisiti limene likadanditsutsa, poti malisitiwo ndi amene anasowa. Koma taonani chimene chikadachitika: mtengo wa mu Febuluwale ukadaposa wa mu Epulo, pa nthawi imene mitengo inkangokwera. Munthu wofananitsa miyezi akadaona. Ndipo ngakhale akadapanda kuona, chiwerengero cha matabwacho chikadasiya kukhala choyerekeza moona mtima nkukhala dzala lotayamo chilichonse chosowa pokhala. Ine ndimakhulupirira kuti mabuku omangidwanso pambuyo pa kusowa kwa mapepala akatseka osatsala ngakhale kwacha imodzi, pamenepo mpamene munthu ayenera kuwakayikira. Zotsala zosadziwika ndi chizindikiro chakuti magulu enawo sanakokedwe kuti afike pa chiwerengero chofunidwa.

Kalata yeniyeniyo inakwana tsamba limodzi ndi theka. Ndinayamba ndi moni waufupi, kenaka ndinati:

"Mayi, malisiti a zogula a kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 12 Malichi 2023, pamodzi ndi buku la malipiro, anawonongeka ndi madzi amene analowa m'shopu. Zithunzi zili pa tsamba 1, ndipo mapepala onyowawo tawasunga ngati mungafune kuwaona. Malisiti a miyezi ina yonse alipo, ndipo buku la zogulitsa ndi lathunthu. Ndalama zimene zinatuluka pa nthawiyi ndi K4,680,000. Mmene ndazipezera ndaonetsa pa tsamba 2."

Za usiku wa madziwo ndinalemba chiganizo chimodzi chokhacho. Ndinkafuna kulemba zambiri, za mmene tinathamangira kukweza makina pamwamba pa mabenchi, koma zimenezo ndinawafotokozera pakamwa titakumana. Kalata ija imakalowa m'fayilo, ndipo angadzaiwerenge munthu wa ku MRA patapita zaka, amene sakundidziwa ndipo sanamve mawu anga. Munthu ameneyo akufunika masiku, ndalama ndi manambala a masamba. Pa chifukwa chomwecho ndinaika tsiku lenileni lolembera pamwamba ndi kusaina pansi, achimwene nawonso anasaina, popeza chiwerengero cha matabwa chinachokera kwa iwo.

Magulu aja ndinawalemba motsatana, lililonse ndi ndalama zake ndi masamba a umboni wake, ndipo ndinasamala kwambiri ndi mawu. Pa gulu loyamba ndinati "tinalipira". Pa lachiwiri ndinati "tinalipira, ndipo umboni wake ndi uwu, ngakhale lisiti palibe". Pa lachitatu ndinalemba motere:

"Matabwa: K800,000. Chiwerengero ichi ndi choyerekeza, palibe lisiti. Ndachipeza kuchokera ku madesiki 60 amene tinapereka, matabwa anayi pa desiki, kuwonjezera limodzi pa khumi aliwonse la owonongeka, pa mtengo wa K3,200. Mtengo ukadakhala wa mu Disembala zikadakhala K750,000, ukadakhala wa mu Epulo zikadakhala K875,000."

Mzere womalizawo ndimauona wofunika koposa. Munthu akanena kuti akuyerekeza, womvera amafuna kudziwa kuti angaphonye ndi zingati. Kupereka malire a pansi ndi a pamwamba kumamulola akauntanti kuona kuti ngakhale nditalakwitsa mtengo, kusiyana kwake sikungapitirire pamenepo, ndipo angasankhe yekha chiwerengero chimene angachiteteze. Za K85,000 ndinalemba kuti sindinazipeze, kuti ndikuganiza kuti zinapita ku zinthu zing'onozing'ono za pashopu koma ndilibe chotsimikizira, ndipo ndinawapempha kuti azilembe mmene akuonera kuti nkoyenera. Sindinawauze gulu loti aziikemo. Ntchito yanga inali kunena zimene zinachitika ndi umboni umene ulipo. Kuweruza kuti zakuti zichotsedwe pa phindu lokhomedwa msonkho kapena ayi ndi ntchito yawo, ndipo mwini bizinesi akayamba kuwalamula pa zimenezo amakhala akuwapempha kuti asaine maganizo ake.

Pali chinthu china chimene kalata yotere singachite, ndipo ndibwino kuchidziwa. Siisandutsa choyerekeza kukhala lisiti. Ife sitinalembetse VAT, ndiye nkhani yathu inali ya msonkho wa pa phindu basi. Koma mayi aja anandiuza kuti kwa amene analembetsa, kubweza VAT imene analipira pogula kumafuna invoisi yeniyeni ya msonkho yochokera kwa wogulitsa, ndipo masamu a madesiki, ngakhale akhale omveka chotani, sangalowe m'malo mwake. Kwa oterowo ulendo wopita kukapempha makope ndiwo ntchito yonse, ndipo uyenera kuchitika msanga, mabuku akale a ogulitsa asanapite kosungira katundu ndiponso akalaliki okudziwani asanasinthe ntchito.

Nditapereka kalatayo anaiwerenga ndili pomwepo, pensulo ili m'manja. Gulu loyamba anangolichonga atafananitsa ndi sitetimenti. Pa lachiwiri anachotsa K20,000 pa za pafoni, chifukwa anaona kuti mayunitsi ena anapita ku nambala ya mita yosiyana ndi inzake. Inali mita ya kunyumba kwa achimwene, ndipo ndalamazo anaziika pamodzi ndi fizi ija. Pa matabwa anaima nthawi yaitali. Anafunsa kuti limodzi pa khumi lija lachokera kuti, ndipo nditayankha kuti ndi mmene achimwene amadziwira ntchito yawo, anati zimenezo nzomveka koma akufuna chinthu cholembedwa. Anandituma kukatenga mapepala a oda ina ya madesiki ya chaka cham'mbuyo, imene malisiti ake onse analipo. Pa oda imeneyo tinapanga madesiki 40, oyenera kudya matabwa 160, ndipo tinagwiritsa ntchito 175. Owonongeka anali 15, pafupifupi limodzi pa khumi. Anamata pepalalo kumbuyo kwa kalata yanga ngati tsamba lowonjezera, nalandira K800,000 ija, nalemba pambali pake kuti ndi yoyerekeza.

K85,000 anaziika ku ndalama zotapidwa ndi eni shopu. Izi zikutanthauza kuti sizinachotsedwe pa phindu, ndipo tinalipira msonkho ngati kuti ndalamazo tinadya tokha, ngakhale ndikudziwa kuti zambiri zinapita kwa aganyu ndi ku minibasi. Achimwene zinawawawa, ndipo anafunsa ngati panalibe njira ina. Mayiwo anayankha kuti njira ilipo, koma ikadafuna kuti iwo asaine chinthu chimene sangathe kuchionetsa atafunsidwa. Anatichenjezanso kuti a msonkho atadzabwera kudzafufuza mabuku angathe kukana ngakhale za matabwa zija, zonse kapena mbali yake, ndipo anatiwerengera msonkho umene tingadzawonjezere zitatero, kuti tiusunge pambali. Ndalamazo tinazipatula mwezi womwewo.